Nambala ya ntchito, mutu wa kalata ndi mapepala omata: kayalidwe ka kalata yofunsira ntchito m'boma

"Zikomo bambo. Ndine mayi wa ku Khombedza kuno ku Salima. Ndili ndi MSCE komanso satifiketi ya zowerengera ndalama. Ndaona chidziwitso cha ntchito za m'boma chitamatidwa pa bolodi ku boma. Pamwamba pake pali nambala, ndiye pa ntchito iliyonse palinso nambala ina. Ndilembe iti, ndipo ndiyiike pati? Mutu wa kalata ndiulembe bwanji? Nanga mapepala amene ndikutumiza ndiwatchule pati? Chinanso, dzina la pa satifiketi ndi la kwa bambo anga, pomwe pa chitupa cha unzika pali la amuna anga."

Mayi, ndiyambe ndi munthu amene adzayambe kugwira kalata yanu, chifukwa mukamudziwa ameneyo kayalidwe konse kamveka kokha. Si bwana amene adzakufunseni mafunso tsiku la intavyu. Ndi kalaliki wa ku rejisitire, chipinda chimene makalata onse a ofesi amafikira. Ineyo ndinagwirako ntchito imeneyi zaka zambiri ndisanapite ku mbali yoona za olembedwa ntchito. Tsiku lotsekera likamayandikira, maenvelopu amabwera m'makatoni. Kalaliki amang'amba envelopu, kudinda chidindo cha tsiku limene kalata yafika, kulemba dzina lanu m'buku, kenako n'kuyika kalatayo pa mulu wa ntchito imene mwafunsira. Sawerenga ndime zanu. Maso ake amagwera malo atatu okha: nambala, mutu wa kalata, ndi mndandanda wa mapepala kumunsi. Malo atatuwa akasokonekera, kalata yanu ikhoza kugona pa mulu wolakwika, ndipo amene akusankha anthu oyitanidwa sadzayiona n'komwe, ngakhale mutakhala kuti ndinu woyenera kuposa onse.

Manambala awiri mwawaonawo ali ndi ntchito zosiyana. Imene ili pamwamba pa chidziwitso, nthawi zambiri yokhala ndi zilembo, timizere topendeka ndi manambala, ndi nambala ya fayilo ya ofesiyo. Imasonyeza fayilo imene nkhani yonse yolemba anthu ntchitoyi ikusungidwamo. Imene ili pa ntchito iliyonse ndiyo nambala ya ntchito, ndipo pa ziwirizi yofunika kwambiri kwa inu ndi imeneyi. Chidziwitso chimodzi chikhoza kukhala ndi ntchito zisanu ndi imodzi. Zonsezo zigawana nambala ya fayilo imodzi, koma iliyonse ili ndi nambala yakeyake. Mukalemba ya pamwamba yokha, mwangomuuza kalaliki kuti mwaona chidziwitso chawo, koma simunamuuze mulu woti akuyikeni.

Choncho nambala ya ntchito ilowe m'mutu wa kalata. Nambala ya fayilo, ngati mukufuna kuyiika, ikhale payokha kumanzere, pamwamba pa keyala ya ofesi imene mukulembera, motere:

```
Your Ref: ABC/1/23
```

Zilembo ndi manambala amenewa ndangopeka kuti muone maonekedwe ake. Inu mukopere za pa chidziwitso chanu, chilembo ndi chilembo, osasiya kamzere kapena kadontho. Mawu awiri oyambawo akutanthauza kuti nambalayo ndi ya iwo amene mukuwalembera. Ambiri amakopera makalata a m'maofesi n'kulemba `Our Ref`, kenako n'kupeka nambala yawoyawo. Musatero. Mawu amenewo ndi a ofesi imene ili ndi mafayilo ake. Inu ndinu munthu payekha, mulibe rejisitire kunyumba, ndipo nambala yopeka imangomusokoneza kalaliki, amayamba kuyifufuza m'buku pomwe kulibe. Chidziwitso chikakhala chopanda nambala ya fayilo, mzere umenewu muusiye, kalata siyiperewera kanthu.

Tsopano tiyale pepala lonse kuchokera pamwamba. Kalatayi ilembedwe m'Chingerezi, poti ndicho chilankhulo cha makalata a ntchito m'boma, ndipo ikwane tsamba limodzi. Koyamba ndi keyala yanu, pamwamba kumanja monga tinaphunzirira kusukulu, kapena kumanzere ngati mwatayipa zonse mofola mbali imodzi. Njira zonse ziwiri n'zovomerezeka, bola musasakanize. Ngati mulibe bokosi lanu ku positi ofesi ndipo mumalandirira makalata ku sukulu, ku tchalitchi kapena ku mzikiti, lembani `C/o` kutsogolo kwa dzina la malowo, ndipo muwadziwitse eni bokosi kuti mukuyembekeza kalata. Pansi pa keyala ikani nambala ya foni imene imakhala m'manja mwanu. Izi ndikuzinena motsindika, chifukwa ndinaonapo anthu atasankhidwa koma foni imene analemba inali ya mlamu wawo amene anapita kunyanja kukapha usipa, osapezeka sabata yonse. Kenako tsiku, ndipo mwezi muulembe m'mawu, osati manambala okhaokha, kuti pasakhale kukayika ngati 3/4 ndi 3 Epulo kapena 4 Malichi. Tsikulo likhale la pakati pa tsiku limene chidziwitso chinatuluka ndi tsiku lotsekera. Kalata yakale imene mwangosintha mutu n'kuyiwala tsiku imadziwika msanga.

Ikatha mbali yanu pamabwera keyala ya kumene kalata ikupita, kumanzere. Apa musaganize nokha, koperani zimene chidziwitso chanena. Ntchito za m'boma sizilembedwa ndi ofesi imodzi. Pali komishoni yolemba ogwira ntchito m'boma, pali ya aphunzitsi, ya azaumoyo, ndi ya ogwira ntchito m'makhonsolo, ndipo ntchito zina khonsolo imalandira yokha makalata kudzera kwa bwanamkubwa. Kuti chidziwitso mwachiona pa bolodi ku Salima sizitanthauza kuti kalata ikatsikire ku Salima. Mwina akufuna ipite ku Lilongwe. Werengani kumunsi kwa chidziwitsocho, pamene pamanenedwa kotumiza, ndipo mulembere udindo umene watchulidwa, osati dzina la munthu amene mukumudziwa kumeneko. Kalata yolembedwa dzina la munthu imatha kukhala pa desiki yake osatsegulidwa iye ali ku tchuthi kapena atasamutsidwa, pomwe yolembedwa udindo imatsegulidwa ku rejisitire tsiku lomwelo.

Pali mzere wina umene inu sukukukhudzani, koma ndiutchule chifukwa mukhoza kuuona m'kalata ya mnzanu n'kuukopera. Amene ali kale pa ntchito m'boma akamafunsira udindo wina amadutsitsa kalata kwa mkulu wa kumene akugwira, ndipo pansi pa keyala amalemba `Through:` n'kutchula udindo wa mkuluyo, amene amasaina ndi kudinda pamenepo. Inu amene mukuchokera kunja simudutsa kwa aliyense.

Kenako malonje ndi mutu. Tiyerekeze kuti ntchito yanu ndi ya wothandizira zowerengera ndalama. Giredi ndi nambala zili m'munsizi ndi zachitsanzo chabe:

```
Dear Sir/Madam,

APPLICATION FOR THE POST OF ACCOUNTS ASSISTANT (GRADE M)
VACANCY NO. 7/2025
```

Mutu umakhala pansi pa malonje, osati pamwamba pake. Ulembedwe m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ngati mwalemba pamanja muudule mzere kunsi ndi lula. Ngati mwatayipa, kuudetsa kukwanira. Muli zinthu zitatu mmenemo: dzina la ntchito, giredi, ndi nambala. Dzina la ntchito likhale ndendende monga lalembedwera. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa m'boma mayina a maudindo amafanana kwambiri. `Accounts Assistant` ndi `Assistant Accountant` ndi mawu pafupifupi omwewo atatembenuzidwa, koma ndi maudindo awiri osiyana, magiredi osiyana, ndipo maphunziro ofunika ndi osiyananso. Munthu akalemba dzina la udindo wapamwambawo pamodzi ndi nambala ya wapansi, kalaliki amatsala ndi funso: atsatire dzina kapena nambala? Wachifundo amatsegula mapepala n'kuyerekeza. Wotopa amatsatira chimene waona koyamba. Mukagwera pa mulu wa udindo wapamwamba, amene akusankha adzaona kuti mapepala anu sakukwana n'kukuchotsani, pomwe pa mulu wanu weniweni mukanadutsa. Giredi imathandiza pomwepa, imakhala mboni yachitatu yotsimikizira ziwiri zinazo.

Ngati chidziwitso chatchula malo ogwirira ntchito angapo, monga Salima, Nkhotakota ndi Dowa, ndipo chanena kuti musankhe, onjezani dzina la boma limene mukufuna kumapeto kwa mutuwo. Ngati sichinanene, musawonjeze. Kachidule `RE:` kamene ena amayamba nako mutu si kolakwika kwenikweni, koma ine ndimakasiya, poti kamayenera bwino pamene mukuyankha kalata imene mwalandira. Chimene ndikukanizeni ndi mutu wongoti mukufuna ntchito iliyonse imene ilipo. Mulu wa "ntchito iliyonse" kulibe ku rejisitire. Ndipo mukakopeka ndi ntchito ziwiri pa chidziwitso chimodzi, lembani makalata awiri, mafotokope awiriawiri, maenvelopu awiri. Ndikudziwa kuti ndi ndalama, koma kalata imodzi siyingagone pa milu iwiri.

Thunthu la kalata sindikhalitsapo, chifukwa si limene mwafunsa ndipo ndi lalifupi. Ndime yoyamba inene ntchito imene mukufunsira, kumene munaona chidziwitso ndi tsiku lake. Yachiwiri iyankhe zimene chidziwitso chafuna, motsatira ndondomeko yake: ngati ayamba ndi MSCE, inunso yambani ndi MSCE ndi chaka chimene munalemba, kenako satifiketi ya zowerengera ndalama, kenako kumene munagwirako ntchito. Yachitatu inene kuti mapepala mwamata ndipo ndinu wokonzeka kubwera ku intavyu. Nkhani za mavuto a pakhomo zisalowemo. Ndikudziwa kuti ndi zoona ndipo zimapweteka, koma amene akusankha ali ndi pepala la zofunika, amangochonga chimene chilipo ndi chimene palibe. Potseka, malonje amene tayamba nawo aja amayenda ndi `Yours faithfully,`. Pansi pake siyani mpata wa mizere itatu kapena inayi, musaine ndi cholembera, kenako dzina lanu lonse lolembedwa moonekera. Kalata yotayipa bwino koma yosasainidwa ndinayiona kambirimbiri. Munthu amachoka pa malo otayipira ali pa liwiro n'kuyiponya mu envelopu.

Tifike pa mapepala omata, pamene nkhani yanu ili ndi mfundo yeniyeni. Mndandanda wake umakhala kumunsi kwenikweni, pansi pa dzina lanu, kumanzere. Kwa inu ungaoneke chonchi:

```
Encl.:
1. Curriculum Vitae (2 pages)
2. Certified copy of MSCE certificate
3. Certified copy of Certificate in Financial Accounting
4. Copy of National ID (both sides)
5. Copy of affidavit on change of name
```

Dzina la satifiketi yachitatuyo mulembe monga lilili pa pepala lanu. Ambiri amangolemba kachidule koyambako n'kusiyira pomwepo, kapena amati "masatifiketi" osatchula kuti ndi ati. Kutero n'kudzimana umboni. Mapepala amayenda m'manja ambiri: kalaliki, mesenjala, mlembi, kenako gulu losankha. Pepala limodzi likhoza kuthothoka panjira. Ngati munalemba zinthu zisanu ndipo zapezeka zinayi, aliyense aona kuti chimodzi chasowa, ndipo pali mwayi woti achifufuze mu envelopu kapena akuyimbireni. Ngati simunalembe, palibe amene angadziwe kuti chinalipo, angoti munthuyu alibe MSCE. Mndandandawu ulinso ndi ntchito kwa inu mwini: musanamate envelopu, werengani mzere uliwonse chala chili pa pepala lake. Musatchule chimene simunayikemo, ndipo musayikemo chimene simunatchule. Mapepala asanjidwe monga mwawalembera, kalata pamwamba, sivi pambuyo pake, mpaka chomaliza, ndipo muwamange ndi sitepula imodzi pa ngodya ya kumanzere. Kawaya kongopanira kamavuka m'katoni.

Musatumize satifiketi yeniyeni. Makalata ofunsira ntchito sabwezedwa, ndipo satifiketi ya ku MANEB ikatayika mudzavutika. Yeniyeniyo mudzapita nayo m'manja tsiku la intavyu. Chimene chimatumizidwa ndi fotokope, ndipo chidziwitso chikanena kuti ikhale yotsimikizidwa, mutenge satifiketi yeniyeni pamodzi ndi fotokopeyo kwa munthu amene ali ndi mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti kapena loya. Iye amayerekeza ziwirizo, kudinda, kusaina ndi kulemba tsiku. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: fotokope ya pepala lodindidwa kale si yotsimikizidwa. Chidindo chiyenera kukhala cha inki yeniyeni pa pepala lomwe mukutumizalo. Kalaliki wozolowera amazindikira pongoyang'ana, chifukwa chidindo chojambulidwa chimatuluka chakuda ngati zilembo zina zonse. Ndipo mawu oti `Certified copy` muwalembe pa mndandanda pokhapokha pepalalo litadindidwadi. Chitupa cha unzika chijambulidwe mbali zonse ziwiri pa tsamba limodzi, ndipo muonetsetse kuti nambala ndi nkhope zikuoneka. Fotokope yotuluka inki ikutha, yoti tsiku lobadwa silikuwerengeka, ibwezeni akujambulireninso.

Za mayina anu awiri, mwachita bwino kuzitchula tsopano, osati kudikira tsiku la intavyu. Amene akusankha akaona satifiketi ili ndi dzina lina, chitupa chili ndi lina, sangadziwe ngati ndi munthu mmodzi kapena wina wabwereka satifiketi ya m'bale wake, ndipo zobwerekanazi zimachitika, n'chifukwa chake amakhala tcheru. Njira yake ndi kalata yolumbira, imene ambiri amayitcha afidaviti. Mumapita kwa wolumbiritsa ndi mapepala onse awiri, n'kulumbira kuti dzina la pa satifiketi ndi la pa chitupa ndi la munthu mmodzi, inuyo, ndi kuti linasintha chifukwa cha ukwati. Ngati muli ndi mtchatho kapena satifiketi ina ya ukwati, fotokope yake ikhale chinthu chachisanu ndi chimodzi pa mndandanda. Pa kalata penipeni gwiritsani ntchito dzina la pa chitupa cha unzika, ndipo pansi pa siginecha mulembe dzinalo, kenako kamawu `née` ndi dzina la kwa bambo anu. Kamawu kameneka kamatanthauza dzina lobadwa nalo la mayi wokwatiwa. M'ndime yachiwiri onjezani chiganizo chimodzi chonena kuti masatifiketi anu ali m'dzina lakale ndipo umboni wake ndi nambala 5 pa mndandanda. Mukatero wowerenga amapeza yankho asanayambe kukayika. Sivi nayonso ikhale ndi mayina onse awiri mofanana ndi kalata. Yang'ananinso kalembedwe ka dzina loyamba ndi tsiku lobadwa pa mapepala onse. Chilembo chimodzi chikasiyana, monga L pamene pena pali R, zomwe zimachitika kwambiri m'mayina athu, chitchulidwenso mu afidaviti yomweyo kuti musayende kawiri.

Ngati chidziwitso chafuna mayina a anthu okuchitirani umboni, nthawi zambiri atatu, amenewo amalowa kumapeto kwa sivi pamodzi ndi maudindo ndi mafoni awo, ndipo muyambe mwawapempha. Sakhala pa mndandanda wa zomata pokhapokha mutamata makalata amene iwo alemba.

Envelopu ikhale yaikulu yolowa pepala osapinda, chifukwa mapepala asanu ndi awiri opindidwa katatu amang'ambika potsegula. Keyala ya pa envelopu ifanane ndi ya m'kalata. Pa ngodya ya pamwamba kumanzere lembani dzina la ntchito ndi nambala yake monga zilili m'mutu. Zidziwitso zambiri zimalamula zimenezi, ndipo ngakhale chanu chisanene, zimathandiza kuti envelopu ipite pa mulu wake isanatsegulidwe. Musanamate, ikani chidziwitso, kalata ndi envelopu pa tebulo limodzi, muwerenge nambala ya ntchito malo atatu onsewo mokweza, kapena mupatse wina awerenge inu mukuyang'ana pa chidziwitso. Poti chidziwitsocho chili pa bolodi, chijambuleni ndi foni chonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuti musadalire zimene mwakumbukira. Amene amatayipa makalata pa Kamuzu Road kapena ku boma nthawi zambiri amatsegula kalata ya kasitomala wapita n'kungosintha dzina. Si zoipa, koma nambala ya ntchito ya munthu winayo imatsalira mosavuta, choncho muwerenge musanalipire.

Tsiku lotsekera nthawi zambiri limatanthauza tsiku limene kalata iyenera kukhala itafika, osati limene mwaponya. Ngati ikupita ku Lilongwe ndipo masiku atsala ochepa, mtunda wake kuchokera ku Salima ndi pafupifupi makilomita 100, ndi bwino kukapereka pamanja kapena kutuma munthu wodalirika kusiyana n'kudalira positi. Mukaponya, ponyani mwa rejisitala kuti mukhale ndi lisiti. Mukapereka pamanja, tengani fotokope ya kalatayo mupemphe kalaliki adindepo chidindo cholandirira, kapena mulembe m'buku ngati lilipo. Pamene akuti muponye m'bokosi, ponyani nokha ndi dzanja lanu. Chidziwitso chikanena kuti mutumize pa imelo, mutu uja wa zilembo zikuluzikulu muukopere pa mzere wa `Subject`, ndipo kalata yosainidwa ndi mapepala onse zikhale mu fayilo imodzi ya `PDF`, zosanjidwa monga zilili pa mndandanda. Chikapanda kutchula imelo, musatumize pa imelo.

Fotokope ya zonse zimene mwatumiza, pamodzi ndi chithunzi cha chidziwitso chija, musunge mu envelopu ina kunyumba. Mayitanidwe a intavyu m'boma amatha kutenga miyezi, ndipo akadzakuyimbirani adzatchula nambala ya ntchito ndi kukuuzani kuti mubwere ndi mapepala enieni a zonse zimene munamata. Tsiku limenelo mudzangotsegula envelopuyo, n'kusonkhanitsa mapepala enieni motsata mndandanda wanu womwe kuyambira 1 mpaka 5, afidaviti yeniyeni ili m'gulu lomwelo.